Mafunso ndi mayankho: kupeza karenti m'seketi ya magwero awiri, ndi chifukwa chake mawati saphatikizidwa

Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene amabwera chaka ndi chaka kwa ophunzira zamagetsi muno mu Mzuzu, kaya a ku Mzuzu Technical College, a ku Mzuni ku Luwinga, kapena anyamata okonza mawayilesi ndi masola mu msika amene akufuna kukalemba mayeso a TEVETA. Mayankho onse akugwiritsa ntchito seketi imodzi, imene ili pa funso 3, choncho ijambuleni papepala ndipo muisunge pambali pamene mukuwerenga.

1. Kodi supapozishoni ndi chiyani kwenikweni?

Ndi njira yopezera karenti kapena voteji pamalo amodzi m'seketi imene ili ndi magwero a magetsi oposa limodzi. M'malo molimbana ndi magwero onse nthawi imodzi, mumasiya limodzi likugwira ntchito, enawo n'kuwazimitsa, n'kupeza karenti ya m'nthambi imene mukufunayo. Kenako mumachita chimodzimodzi ndi gwero lachiwiri. Pomaliza mumaphatikiza mayankho awiriwo, poganizira kumene karenti iliyonse ikulowera.

Njirayi imatheka chifukwa cha khalidwe la rezisita. Lamulo la Ohm limati `V = I × R`, ndiye voteji ikawirikiza kawiri, karenti nayo imawirikiza kawiri, osapitirira, osaperewera. Seketi imene zipangizo zake zonse zili ndi khalidwe limeneli timati ndi ya liniya, ndipo m'seketi yotero chimene gwero limodzi likuchita sichisintha chimene linzake likuchita.

2. Tikamati "kuzimitsa gwero", timachita chiyani papepalapo?

Zimatengera mtundu wa gwerolo. Gwero la voteji, monga batire, likazimitsidwa liyenera kupereka mavolti 0. Chinthu chimene chimalola karenti kudutsa koma pakati pa nsonga zake palibe voteji ndi waya wamba. Choncho mumafufuta batirelo n'kujambulapo waya.

Gwero la karenti likazimitsidwa liyenera kupereka maampeya 0, ndipo njira imene simudutsa karenti ndi yoduka. Apa mumafufuta gwerolo n'kusiya mpata, osalumikiza kanthu.

Ambiri amasokoneza ziwirizi, makamaka amafufuta batire n'kusiya mpata, chifukwa ndi zimene zimachitika munthu akachotsa batire m'tochi. Mukatero, rezisita yonse ya m'nthambi imeneyo imatuluka m'masamu, ndipo yankho limalakwika. Ngati funso lanena kuti batire lili ndi rezisitansi ya mkati, imeneyo simuifufuta. Imatsala pamalo pake ngati rezisita wamba.

3. Tiwonetseni chitsanzo chonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Seketi yathu ndi iyi:

```
 +--[R1]--A--[R2]--+
 |        |        |
 V1      [R3]      V2
 |        |        |
 +--------B--------+

V1 = 12 V   R1 = 4 Ω
V2 = 18 V   R2 = 12 Ω   R3 = 6 Ω
```

Mabatire onse awiri nsonga zawo za pulasi zili kumwamba, za mainasi zakumana pa waya wapansi, pamphambano B. Tikufuna karenti ya mu `R3`. Musanawerengere chilichonse, jambulani kamuvi pambali pa `R3` koloza pansi, kuchoka pa A kupita pa B. Karenti iliyonse yotsatira kamuvika tiiwerenga ndi pulasi, yopita mobwerera ndi mainasi.

Tiyambe ndi batire la mavolti 12 lokha. Pamalo pa `V2` taikapo waya, ndiye `R2` tsopano yalumikiza A ndi B, chimodzimodzi `R3`. Ziwirizi zili paralelo, ndipo zikaphatikizidwa zili siriizi ndi `R1`.

```
R2 || R3 = (12 × 6) / (12 + 6) = 4 Ω
R = 4 + 4 = 8 Ω
I = 12 / 8 = 1.5 A
V(AB) = 1.5 × 4 = 6 V
I3' = 6 / 6 = 1 A
```

Batire likutulutsa maampeya 1.5. Karentiyi ikafika pamphambano A imagawikana: ampeya imodzi imatsikira mu `R3`, ndipo theka la ampeya lotsalalo limadutsa mu `R2` kulowera kumanja. Thekali musaliiwale, tilifuna pa funso 5.

Tsopano jambulaninso seketi. Bwezerani `V2`, ndipo pamalo pa `V1` ikanipo waya. Ulendo uno zimene zili paralelo ndi `R1` ndi `R3`, pamene `R2` ndiyo ili siriizi ndi batire.

```
R1 || R3 = (4 × 6) / (4 + 6) = 2.4 Ω
R = 12 + 2.4 = 14.4 Ω
I = 18 / 14.4 = 1.25 A
V(AB) = 1.25 × 2.4 = 3 V
I3'' = 3 / 6 = 0.5 A
```

Karentiyi nayo ikutsikira pansi mu `R3`, motsatira kamuvi kathu. Maampeya 0.75 otsalawo akudutsa mu `R1` kulowera kumanzere. Ndiye karenti yeniyeni, mabatire onse ali m'malo mwake, ndi iyi:

```
I3 = I3' + I3'' = 1 + 0.5 = 1.5 A
V(AB) = 6 + 3 = 9 V
```

Taonani kuti batire lalikulu, la mavolti 18, ndi limene lapereka gawo laling'ono. Kukula kwa batire pakokha sikunena kanthu. `R2` ya maomu 12 yadya mavolti 15 mwa 18 aja karenti isanafike n'komwe pa A.

4. Bwanji mukujambula seketi kawiri? Sindingangophimba batire ndi chala?

Mungathe, koma pamayeso ndi pomwe anthu ambiri amataya mamalikisi. Pa chithunzi choyamba `R1` inali siriizi ndipo `R2` inali paralelo. Pa chachiwiri zasinthana. Munthu amene wangophimba ndi chala maso ake amakhala akuonabe dongosolo loyamba lija, ndipo amagwiritsanso ntchito maomu 8 pogawa mavolti 18. Kujambula kumatenga mphindi imodzi, ndipo wochonga amaona njira imene mwadutsa ngakhale kalikuleta itakupusitsani penapake.

5. Ndidziwa bwanji pophatikiza ndi pochotsera?

Ndi ntchito ya timivi tija. Mu `R3` makarenti awiri aja analoza kumodzi, ndiye tinaphatikiza. Mu `R1` si choncho. Batire loyamba linakankha maampeya 1.5 kupita kumanja, lachiwiri linabweza 0.75 kupita kumanzere. Mu `R2` batire lachiwiri linakankha 1.25 kulowera ku A, loyamba linabweza 0.5.

```
I1 = 1.5 − 0.75 = 0.75 A
I2 = 1.25 − 0.5 = 0.75 A
```

Mukatembenuza batire la mavolti 18, pulasi n'kuloza pansi, simufunika kuyambiranso masamu. Manambala onse a chithunzi chachiwiri amakhala omwewo, chimasintha ndi chizindikiro chokha. Karenti ya mu `R3` imakhala `1 − 0.5 = 0.5 A`, ya mu `R1` imakwera kufika `1.5 + 0.75 = 2.25 A`. Apa ndi pamene ndimaikondera njirayi: imakuuzani gawo la gwero lililonse, ndiye gwero limodzi likasintha mumangokonza gawo lakelo.

Yankho likatuluka ndi mainasi musachite mantha. Likungonena kuti karenti ikuyenda mosemphana ndi kamuvi kamene munajambula.

6. Ndingatsimikize bwanji kuti yankho langa ndi lolondola?

Gwiritsani ntchito malamulo a Kirchhoff pa seketi yoyambirira ija, mabatire onse alimo. Pamphambano A karenti yolowa iyenera kufanana ndi yotuluka: 0.75 kuchokera kumanzere ndi 0.75 kuchokera kumanja zikupereka 1.5, yomwe ndi ya mu `R3`. Kenako zungulirani mbali yakumanzere: `R1` ikudya `0.75 × 4 = 3 V`, ndipo 12 kuchotsa 3 ndi mavolti 9 a pa A. Mbali yakumanja `R2` ikudya `0.75 × 12 = 9 V`, ndipo 18 kuchotsa 9 ndi 9 yemweyo. Mbali ziwirizi zikapereka voteji yosiyana pa A, penapake mwasemphanitsa chizindikiro kapena mwazimitsa gwero molakwika.

7. Ngati makarenti amaphatikizidwa, n'chifukwa chiyani mawati saphatikizidwa?

Ili ndiye funso lalikulu, ndipo ndi bwino kuyamba ndi manambala. Pa chithunzi choyamba mu `R3` munadutsa ampeya imodzi, pa chachiwiri theka. Munthu akawerengera pawa ya chithunzi chilichonse n'kuphatikiza, amapeza izi:

```
P3'  = 1² × 6   = 6 W
P3'' = 0.5² × 6 = 1.5 W
6 + 1.5 = 7.5 W
```

Koma karenti imene ikudutsadi mu rezisitayo ndi maampeya 1.5, ndipo pawa yake yeniyeni ndi:

```
P3 = 1.5² × 6 = 13.5 W
```

Mawati 6 asowa. Sanasowe chifukwa cha kalikuleta. Mu `P = I² × R` karenti ikuchulukitsidwa ndi iyo yomwe, ndipo sikweya ya zinthu ziwiri zophatikizidwa si chimodzimodzi ndi kuphatikiza masikweya awo:

```
(I' + I'')² × R = I'²R + I''²R + 2 × I' × I'' × R
2 × 1 × 0.5 × 6 = 6 W
```

Gawo lachitatulo ndiwo mawati 6 aja. Silingaoneke pa chithunzi choyamba, chifukwa pamenepo `I''` ndi ziro. Silingaonekenso pa chachiwiri, chifukwa `I'` ndi ziro. Limakhalapo pokhapokha magwero onse awiri akugwira ntchito pamodzi, ndipo supapozishoni sikuonetsani nthawi imeneyo mpaka mutaphatikiza makarenti.

Ganizirani za dimba la mamita 10 mbali zonse zinayi. Mukalikulitsa ndi mamita 5 m'litali ndi m'lifupi momwe, dimba latsopano ndi la 15 kuchulukitsa 15, masikweya mita 225. Munthu amene wangowerenga dimba lakale, 100, ndi kangodya katsopano ka 5 kuchulukitsa 5, wapeza 125. Waiwala zigawo ziwiri za m'mbali, chilichonse cha 10 kuchulukitsa 5. Zigawo ziwirizo ndizo `2 × I' × I''`.

Mukafuna kuzimva m'njira ya magetsi, kumbukirani kuti pawa ndi voteji kuchulukitsa karenti. Batire lachiwiri likalowa, limakweza zinthu ziwiri nthawi imodzi. Karenti imachoka pa 1 kufika pa 1.5, voteji ya pa `R3` imachoka pa 6 kufika pa 9. Ampeya imodzi ya batire loyamba ija siikudutsanso pa mavolti 6, ikudutsa pa 9, ndiye ikutulutsa mawati 9 m'malo mwa 6. Theka la ampeya la batire lachiwiri nalo likudutsa pa mavolti 9 m'malo mwa 3, ndiye likutulutsa mawati 4.5 m'malo mwa 1.5. Mawati 9 ndi 4.5 ndiwo 13.5.

Dongosolo lake ndi limodzi basi: phatikizani makarenti kapena mavoteji kaye, pawa muwerengere pomaliza, kamodzi kokha.

8. Ndiye kuti kuphatikiza mawati kumapereka nambala yochepa nthawi zonse?

Ayi. Gawo lachitatu lija lili ndi chizindikiro. Makarenti awiri akaloza kumodzi limakhala la pulasi, ndipo yankho lolakwika limaperewera. Akasemphana limakhala la mainasi, ndipo yankho lolakwika limapitirira.

Onani `R1` m'seketi yomweyi. Pa chithunzi choyamba inali ndi `1.5² × 4 = 9 W`, pa chachiwiri `0.75² × 4 = 2.25 W`. Kuphatikiza kukupereka mawati 11.25, pomwe pawa yeniyeni, ndi karenti ya 0.75 imene tinapeza pa funso 5, ndi mawati 2.25 okha. Nambala yolakwikayo yakula kasanu.

Chinanso chimene chimaulula kuti njirayo ndi yabodza ndi ichi. Tembenuzani batire lachiwiri monga tinachitira pa funso 5. Karenti ya mu `R3` imatsika kufika 0.5, pawa imakhala mawati 1.5. Koma wophatikiza mawati uja apezabe 7.5, chifukwa sikweya imameza mainasi. Mabatire oloza kumodzi, 7.5. Mabatire osemphana, 7.5. Rezisita yeniyeni pamenepo ikusiyana kasanu ndi kanayi pa kutentha kumene ikutulutsa, 13.5 ndi 1.5. Ndipo makarenti awiriwo atakhala ofanana ndendende koma osemphana, rezisita ingakhale yozizira, mulibe karenti, pamene pepala lake likunena kuti ikutentha.

9. Kodi kulakwitsa kumeneku kuli ndi vuto kunja kwa mayeso?

Kuli nalo, chifukwa nambala ya mawati ndiyo mumagulira chipangizo. Mukakhulupirira 7.5 mukagula rezisita ya mawati 10 n'kumadziona kuti mwasiya mpata wokwanira. Ikaikidwa m'seketi ikhala ikusenza 13.5. Siphulika nthawi yomweyo. Imayamba kutentha moti simungaigwire, bolodi pansi pake limada, mtovu wowotcherera umafewa, kenako tsiku lina imaduka mkati. Ambiri okonza zipangizo amasankha rezisita yotha kupirira pafupifupi kawiri pawa imene awerengera, ndiye pa mawati 13.5 munthu amayang'ana ya 25, yomangirira pa chitsulo chochotsa kutentha.

Ndi mawaya nkhani yake ndi yomweyo. Waya amene akunyamula karenti ya magwero awiri olowera kumodzi amatentha motsatira sikweya ya karenti yonse. Makarenti awiri ofanana akakumana m'waya mmodzi, kutentha sikuwirikiza kawiri, kumawirikiza kanayi.

10. Nanga pawa imene batire lililonse likupereka ndiipeza bwanji?

Chulukitsani voteji ya batirelo ndi karenti yonse imene ikudutsamo, imene mwapeza mutaphatikiza kale. Batire loyamba likupereka `12 × 0.75 = 9 W`, lachiwiri `18 × 0.75 = 13.5 W`, pamodzi mawati 22.5. Marezisita akudya 2.25 mu `R1`, 6.75 mu `R2` ndi 13.5 mu `R3`. Zikukwana 22.5, ndipo uku ndi kutsimikiza kwina kwabwino kuwonjezera pa kwa funso 6.

Wophatikiza zithunzi akanati batire loyamba likupereka mawati 18 ndipo lachiwiri 22.5, pamodzi 40.5. Manambala amenewo ndi oona pa seketi ziwiri zosiyana, iliyonse ya batire limodzi. Si a seketi yathu.

Nthawi zina karenti ya batire imatuluka ya mainasi. Sinthani `V2` ikhale mavolti 6. Palokha likanatulutsa `6 / 14.4`, pafupifupi maampeya 0.42, koma batire loyamba likubweza 0.5 m'nthambi yomweyo. Chotsala ndi pafupifupi 0.08 kulowa pa nsonga ya pulasi ya batire laling'onolo. Batire limenelo silikupereka kanthu, likutchajidwa, ndipo likulandira theka la wati. M'seketi yathu malire ali pa mavolti 7.2: pansi pa pamenepo `V2` imalandira, pamwamba pake imapereka. Ndi zomwe zimachitika munthu akalumikiza paralelo batire lodzaza ndi lofooka, kungoti pamenepo pakati pawo pamakhala rezisitansi yochepa kwambiri, ndiye karenti yake imakhala yaikulu.

11. Gwero limodzi likakhala la karenti, masamu amasintha bwanji?

Chotsani `V2` ndi `R2`, m'malo mwake ikani gwero la ampeya imodzi lokankhira karenti ku A. Pa chithunzi choyamba gwero la karenti ladulidwa, ndiye kwatsala `R1` ndi `R3` zili siriizi: `12 / 10 = 1.2 A`. Pa chachiwiri batire lasanduka waya, ndipo ampeya imodzi ija ikugawikana pakati pa maomu 4 ndi maomu 6. Gawo lalikulu limadutsa kumene rezisitansi ndi yochepa, choncho `R3` imalandira `1 × 4 / 10 = 0.4 A`. Karenti yonse ndi maampeya 1.6.

Samalani pogawa karenti. Pamwamba pa fomulayo pamakhala rezisita ya nthambi inayo, osati ya nthambi imene mukufuna. Woika 6 pamwamba apeza 0.6, imene ndi karenti ya mu `R1`.

12. Ndikufuna kuyesa pa benchi. Kodi ndilumikize waya pakati pa nsonga za batire kuti ndilizimitse?

Musayerekeze. Imeneyo ndi shoti. Batire la galimoto kapena la sola likashotedwa limatulutsa maampeya mazana, waya amafiira m'kanthawi kochepa, ndipo batire lingathe kuphulika n'kumwaza asidi. "Kuika waya" kumatanthauza kuchotsa batirelo m'seketi, kuliika pambali, kenako n'kulumikiza mawaya awiri amene anali pa nsonga zake.

Poyesa musagwiritsenso ntchito maomu 4, 12 ndi 6, pokhapokha muli ndi marezisita akuluakulu. Tengani a makiloomu. Manambala amakhala omwewo, koma karenti imakhala m'mamiliampeya ndipo pawa ya `R3` imakhala mamiliwati 13.5, amene karezisita ka kota ya wati sikawamva n'komwe. Ya makiloomu 12 imapezeka mosavuta. Ya makiloomu 6 mungaipange ndi ziwiri za 12 zili paralelo, ya 4 ndi zitatu. Mavolti 18 mungawapeze polumikiza siriizi timabatire tiwiri ta mavolti 9.

Njira yosavuta ndi kuyeza voteji pakati pa A ndi B katatu: ndi batire loyamba lokha, ndi lachiwiri lokha, kenako ndi onse awiri. Muyenera kuona pafupifupi 6, 3 ndi 9. Sizikhala ndendende. Batire la mtovu lodzaza limawerenga pafupifupi mavolti 12.6, ndipo rezisita ya mzere wagolide imaloledwa kusiyana ndi nambala yake ndi 5 pa 100 aliwonse. Chofunika n'chakuti manambala awiri oyambawo akaphatikizidwa apereke lachitatu. Mukafuna kuyeza karenti yeniyeniyo, dulani nthambi ya `R3` n'kuika mita siriizi, ndipo mukamaliza bwezerani chingwe chofiira pa bowo la voteji. Mita yoiwalika pa `mA` kapena `10A` ikagunda nsonga za batire, fyuzi yake imapsa.

13. Ndi maseketi ati amene njirayi siigwira?

Onse amene ali ndi chipangizo chosatsata lamulo la Ohm. Dayodi ndiyo chitsanzo choonekeratu. Ya silikoni imayamba kudutsitsa karenti yooneka pa mavolti apakati pa 0.6 ndi 0.7. Magwero awiri, lililonse lopereka mavolti 0.4, paokhapaokha sangaitsegule, ndipo supapozishoni inganene kuti karenti ndi pafupifupi ziro kuphatikiza ziro. Onse pamodzi akupereka 0.8 ndipo dayodi yatseguka. Mababu a LED ali m'gulu lomweli. Babu lakale la kawaya kofiira mkati nalo silikhulupirika, chifukwa rezisitansi yake imakwera kwambiri likatentha.

N'chifukwa chake funso lakuti "ndili ndi panelo ya sola ndi batire, ndingagwiritse ntchito supapozishoni?" yankho lake nthawi zambiri ndi ayi. Panelo payokha ndi gulu la madayodi. Pa mavoteji otsika imachita ngati gwero la karenti, koma ikayandikira voteji yake yapamwamba karenti imagwa msanga. Pakati pa panelo ndi batire pamakhalanso kontirola imene imatsegula ndi kutseka payokha.

Palinso magwero amene voteji kapena karenti yawo imadalira malo ena m'seketi momwemo, amene amajambulidwa ngati dayamondi m'mabuku, makamaka pa maphunziro a tiranzisita. Seketi yotero ikhoza kukhala ya liniya, koma magwero amenewo musawazimitse. Asiyeni pa zithunzi zonse, muzizimitsa odziimira okha.

14. Kodi imagwira pa magetsi a AC, monga a ESCOM?

Imagwira, bola zipangizo zikhale marezisita, makapasita ndi makoyilo a liniya. Kusiyana kwake n'kwakuti makarenti a AC ali ndi kukula komanso ngodya. Magwero awiri a fulikwensi imodzi, monga mahetsi 50 a magetsi athu kuno, makarenti awo saphatikizidwa ngati manambala wamba. Ampeya imodzi ndi theka la ampeya zingapereke chilichonse kuyambira 0.5 mpaka 1.5, kutengera ngodya ya pakati pawo. Mumaphatikiza ngati mafeza, kenako n'kuwerengera pawa, monga tanenera pa funso 7.

Magwero akakhala a mafulikwensi osiyana, supapozishoni imakhala yosapeweka powerengera pamanja, chifukwa kapasita ndi koyilo zimaletsa karenti mosiyana pa fulikwensi iliyonse. Chithunzi chilichonse chimakhala ndi manambala akeake.

15. Ndinamva kuti nthawi zina mawati amaphatikizidwa. Ndi zoona?

Ndi zoona, makamaka pa nkhani iyi: pawa ya avereji, magwero akakhala a mafulikwensi osiyana. Gawo lachitatu lija, `2 × I' × I'' × R`, limakhalapobe pa kamphindi kalikonse. Koma makarenti awiriwo akamayenda pa liwiro losiyana, nthawi ina amaloza kumodzi, nthawi ina amasemphana, ndipo pakapita nthawi mapulasi ndi mamainasi a gawolo amafafanizana n'kutsala ziro.

Tengani `R3` yomweyo. Mudutse ampeya imodzi ya DC yochokera ku batire, ndi theka la ampeya la AC, loyezedwa mwa RMS. Kwa theka la nthawi AC ikuwonjezera pa DC, kwa theka linalo ikuchotsera mofanana. Pawa ya avereji ndi `6 + 1.5 = 7.5 W`, nambala imene inali yolakwika pa funso 7 koma pano ndi yoona. Karenti ya RMS ya zonse pamodzi si 1.5, koma:

```
I(RMS) = √(1² + 0.5²) ≈ 1.12 A
```

Mabatire awiri sangalowe m'gulu limeneli. Onse ndi DC, fulikwensi yawo ndi imodzi, ziro, ndipo gawo lachitatu silisintha chizindikiro.

16. Pamayeso, ndi liti pamene ndisankhe njira ina?

Funso likanena kuti mugwiritse ntchito supapozishoni, chitani zimenezo. Likakusiyirani ufulu, werengani magwero. Awiri ndi zithunzi ziwiri, palibe vuto. Anayi ndi zithunzi zinayi, chilichonse ndi mpata wake wolakwitsa chizindikiro. Seketi ngati yathuyi, ya mphambano ziwiri zokha, imatha ndi mzere umodzi mukalemba lamulo la karenti la Kirchhoff pa A:

```
(12 − V)/4 + (18 − V)/12 = V/6
V = 9 V,   I3 = 9/6 = 1.5 A
```

Funso likakhala lakuti `R3` izisinthidwa kangapo, njira ya Thevenin ndiyo yachangu. Chotsani `R3`, ndipo voteji ya pakati pa A ndi B imakhala mavolti 13.5, rezisitansi yake ndi `4 || 12 = 3 Ω`. Pa maomu 6 karenti ndi `13.5 / 9 = 1.5 A`, ndipo pa rezisita ina iliyonse mumangosintha nambala yapansiyo. Koma chikamasintha ndi gwero, monga batire limene likutsika voteji, supapozishoni ndiyo imapepuka. M'seketi yathu volti iliyonse ya `V1` imapereka `1/12 A` mu `R3`, ndipo volti iliyonse ya `V2` imapereka `1/36 A`. Batire loyamba likatsika kufika mavolti 10.8, gawo lake limakhala maampeya 0.9, karenti yonse 1.4, ndipo pawa ya `R3` imatsika kuchoka pa mawati 13.5 kufika pa 11.76.